Chidindo chosasemeka: mmene HMAC imagwirira uthenga wabodza

Aliyense amene amagulitsa katundu n'kumalandira malipiro pa foni amaudziwa msampha uwu. Foni imalira, uthenga n'kulowa wonena kuti mwalandira ndalama zakutizakuti, mawu ake ofanana ndendende ndi a kampani ya mafoni, koma mukayang'ana mu akaunti simunalowe kanthu. Munthu wozolowera malonda amayamba waona kumene uthengawo wachokera, n'kuonanso ndalama zotsala, kenako n'kupereka katundu. Koma masiku ano mauthenga ambiri onena za ndalama sawerengedwa ndi munthu. Amachoka pa kompyuta ina kupita pa inzake, usana ndi usiku, ndipo kompyuta yolandirayo imayenera kugamula yokha, m'kanthawi kochepa, ngati uthenga uli woona kapena wopeka.

Tiyerekeze sitolo yogulitsa nyale za sola pa intaneti. Wogula wasankha nyale ya K45,000 n'kulipira kudzera ku kampani yolandirira malipiro. Ndalama zikalowa, kompyuta ya kampaniyo imauza kompyuta ya sitolo ndi uthenga waufupi wonga uwu:

```
oda=5821&ndalama=45000&zatheka=inde
```

Sitolo ikaona uthengawu imalongedza nyale n'kutumiza. Vuto n'lakuti khomo limene uthengawu umalowera lili pa intaneti, ndipo aliyense wodziwa adiresi yake angathe kugogodapo. Wakuba angalembe yekha mzere ngati umenewu popanda kulipira ngakhale tambala. Angathenso kugwira uthenga weniweni, makamaka ngati ukudutsa pa foni yake pobwerera ku sitolo, n'kusintha nambala ya oda kuti alandire katundu wodula m'malo mwa wotchipa amene walipiradi. Choncho sitolo ili ndi mafunso awiri pa uthenga uliwonse. Kodi wachokeradi kwa kampaniyo? Nanga wafika monga momwe unachokera?

HMAC imayankha mafunso awiriwa nthawi imodzi. Kampani ndi sitolo amagwirizana kiyi wachinsinsi, amene ali chabe mndandanda wa manambala wodziwika kwa awiriwo basi. Potumiza uthenga, kampani imasakaniza uthengawo ndi kiyi mwa masamu n'kutulutsa kachizindikiro kamene imamata pa uthengawo. M'nkhani ino kachizindikiroka tikatchula chidindo, chifukwa ntchito yake ndi yonga ya chidindo cha a mfumu pa kalata: wochiona amadziwa kuti kalata yadutsa m'manja mwa wosunga chidindo. Kusiyana kwake n'kwakuti ichi chimasintha maonekedwe malinga ndi mawu a m'kalatamo, moti simungachimatule pa kalata ina n'kuchiika pa inzake. Sitolo ikalandira uthenga imachita masamu omwewo ndi kiyi wake. Zidindo ziwirizo zikafanana, uthenga ndi woona. Zikasiyana, umatayidwa.

Chimene chili pansi pake

Maziko a zonsezi ndi njira ya masamu yotchedwa hashi. Hashi imalandira uthenga wa utali uliwonse, kaya mawu atatu kaya buku lathunthu, n'kutulutsa nambala ya utali wosasintha. Yodziwika kwambiri lero ndi SHA-256, imene imatulutsa mabaiti 32, ndipo pa kompyuta amaoneka ngati zilembo ndi manambala 64. Mukaipatsa uthenga womwewo imatulutsa yankho lomwelo nthawi zonse. Mukasintha chilembo chimodzi chokha, yankho lonse limasanduka lina, losafanana n'komwe ndi loyamba lija. Ndipo kuchokera pa yankho simungabwerere m'mbuyo kuti mupeze uthenga umene unalowa.

Hashi payokha siingathandize sitolo yathu. SHA-256 si chinsinsi, aliyense ali nayo pa kompyuta yake. Wakuba akasintha uthenga amangowerengeranso hashi yatsopano n'kuimata, ndipo zonse zimaoneka zolongosoka. Pafunika chinthu chimene wakuba alibe, ndicho kiyi.

Apa mpamene anthu ambiri olemba mapulogalamu anagwa m'mbuna, ndipo ena akugwabe. Maganizo oyamba amene amabwera ndi akuti: tiike kiyi kutsogolo, uthenga pambuyo pake, zonse tiziponye mu hashi. Pongoona zikumveka bwino, pakuti wopanda kiyi angayambire pati? Koma hashi za mtundu wa MD5, SHA-1 ndi SHA-256 sizimeza uthenga wonse kamodzi. Zimaudula m'zigawo za mabaiti 64, n'kumatafuna chigawo chimodzi chimodzi. Pakutha pa chigawo chilichonse hashi imakhala ndi nambala yongoyembekezera imene imapita nayo ku chigawo chotsatira, ndipo yankho lomaliza ndi nambala yomweyo imene yatsala zigawo zikatha. Tanthauzo lake n'lakuti amene waona chidindo waona pamene hashi inalekezera. Angathe kuiyambitsanso kuchokera pomwepo, n'kuidyetsa mawu ena owonjezera, n'kupeza chidindo chovomerezeka cha uthenga wotalikitsidwawo, kiyi asanamuone ndi kamodzi komwe. Chimene amafunika kudziwa ndi utali wa kiyi basi, ndipo utali angaupeze pongoyesa kangapo.

Pa uthenga wa nyale uja, wakuba angalumikize kumapeto mawu akuti `&oda=5999`. Pakati pamatsala timabaiti tachabechabe timene hashi inaonjezera podzaza chigawo chomaliza, koma mapulogalamu ambiri satilabadira, ndipo ena akapeza dzina lomwelo kawiri amatenga lomaliza. Sitolo imaona chidindo cholondola n'kutumiza katundu wa oda ina.

Izi si zongoganizira. Mu 2009 akatswiri awiri ofufuza za chitetezo, Thai Duong ndi Juliano Rizzo, anaonetsa kuti Flickr, malo osungirako zithunzi pa intaneti, inkadinda mauthenga a mapulogalamu ake mwa njira yomweyi: kiyi kutsogolo, uthenga pambuyo, zonse mu MD5. Anaonetsa kuti munthu angapeke mauthenga m'dzina la pulogalamu ya wina popanda kudziwa kiyi wake. Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala a vutoli anali atapezeka kale zaka zoposa khumi m'mbuyomo.

Kupyola mu hashi kawiri

HMAC inakonzedwa mu 1996 ndi Mihir Bellare, Ran Canetti ndi Hugo Krawczyk. Mu Febuluwale 1997 inalembedwa m'chikalata cha malamulo a intaneti chotchedwa RFC 2104, ndipo mu 2002 bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linaivomereza kukhala muyezo wake. Nzeru yake ndi yophweka modabwitsa: uthenga upyole mu hashi kawiri, ulendo uliwonse ndi kiyi wosinthidwa mosiyana.

```
HMAC(K, m) = H( (K xor opad) || H( (K xor ipad) || m ) )
```

Musaope mzerewu. `K` ndi kiyi, `m` ndi uthenga, `H` ndi hashi, ndipo timizere tiwiri toimirira tikutanthauza kulumikiza zinthu ziwiri motsatizana. Tiutsate ndi chitsanzo chimene olemba mapulogalamu amakonda kuyesera, chimene kiyi wake ndi mawu a zilembo zitatu akuti `key`, ndipo uthenga wake ndi chiganizo chachingerezi cha zilembo ndi mipata 43. Aliyense amene ali ndi pulogalamu ya OpenSSL angalembe lamulo ili:

```
echo -n "The quick brown fox jumps over the lazy dog" | openssl dgst -sha256 -hmac "key"
```

Choyamba kompyuta imatalikitsa kiyi kuti akwane chigawo chimodzi cha mabaiti 64. Zilembo zitatu zija m'manambala a kompyuta ndi `6b 65 79`, ndipo malo 61 otsala amadzazidwa ndi maziro. Kiyi akanakhala wotalika kupitirira mabaiti 64, akanayamba wafupikitsidwa ndi hashi yomweyo.

Kenako kuchokera pa kiyi mmodziyu pamapangidwa makiyi awiri. Masamu ake ndi aja otchedwa `xor`, amene amayerekeza manambala awiri kadontho ndi kadontho, n'kulemba ziro pamene afanana ndi 1 pamene asiyana. Baiti iliyonse ya kiyi ikasakanizidwa ndi nambala `36`, imene ndiyo `ipad`, pamatuluka kiyi wamkati, woyamba ndi `5d 53 4f` n'kutsatidwa ndi `36` mpaka kumapeto. Ikasakanizidwa ndi `5c`, imene ndiyo `opad`, pamatuluka kiyi wakunja, woyamba ndi `37 39 25`. Manambala awiriwa alibe matsenga, ndipo si achinsinsi. Ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti makiyi awiriwo asiyane.

Tsopano ulendo woyamba. Kiyi wamkati ndi uthenga amalumikizidwa, mabaiti 64 kuphatikiza 43 kukhala 107, n'kulowa mu SHA-256. Pamatuluka mabaiti 32, koma amenewa satumizidwa kwa wina aliyense. Amalumikizidwa kumbuyo kwa kiyi wakunja, kukhala mabaiti 96, n'kulowanso mu SHA-256. Zotuluka pa ulendo wachiwiriwu ndizo chidindo:

```
f7bc83f430538424b13298e6aa6fb143ef4d59a14946175997479dbc2d1a3cd8
```

Kompyuta iliyonse pa dziko lapansi, ikapatsidwa kiyi ameneyu ndi chiganizo chimenechi, itulutsa mzere womwewu.

Onani tsopano chimene chagwera wakuba uja. Kuti atalikitse uthenga ayenera kudziwa pamene hashi yamkati inalekezera, koma nambala imeneyo yakwiririka m'kati mwa ulendo wachiwiri, sakuiona. Chimene akuona ndi mapeto a hashi yakunja, ndipo kuipitiriza imeneyo sikumupindulira kanthu, chifukwa sitolo pofufuza siidyetsa hashi yakunja china chilichonse kupatula mabaiti 96 aja. Chomutsalira n'kulota chidindo, ndipo zidindo zotheka za mabaiti 32 n'zochuluka moti kuti mulembe chiwerengero chake pafunika manambala 78 ondondozana.

Pamene zimalakwika

Masamu a HMAC ndi olimba, ndipo mavuto ambiri amabwera pa kagwiritsidwe ntchito kake. Loyamba limene wolemba pulogalamu aliyense amakumana nalo ndi lakuti uthenga woona ukukanidwa. Yesani kuchotsa `-n` pa lamulo lija. Chiganizo chioneka chimodzimodzi, koma kompyuta iwonjezera kumapeto baiti imodzi yosaoneka yosonyeza kutha kwa mzere, ndipo chidindo chituluka china kotheratu. HMAC siidinda tanthauzo la uthenga, imadinda mabaiti. Pulogalamu ya sitolo ikayamba yaumasula uthenga, n'kusanja zigawo zake mwa dongosolo lina kapena kuchotsa mpata umodzi, kenako n'kuwerengera chidindo, sichidzafanana ndi cha kampani. Lamulo lake n'lakuti chidindo chiwerengeredwe pa mabaiti enieni monga afikira, asanakhudzidwe. Choopsa n'chakuti wolemba pulogalamu akatopa ndi kukanidwaku, nthawi zina amangozimitsa kufufuza konse n'kunena kuti adzakonza mawa. Sitolo yotere imakhala khomo pululu, ndipo palibe chimene chimaoneka cholakwika mpaka tsiku lowerengera ndalama.

Vuto lachiwiri ndi limene ndimafuna mwini bizinesi aliyense atalimvetsa, chifukwa pamenepa chidindo chimakhala cholondola koma ndalama n'kutayikabe. Wakuba wagwira uthenga weniweni wa oda 5821 ndi chidindo chake. Sakusintha kanthu. Akungoutumizanso mawa, mkuja ndi sabata yamawa. Ulendo uliwonse sitolo ikufufuza, ikupeza chidindo chili bwinobwino, pakuti uthengawo unachokeradi kwa wosunga kiyi ndipo sunasinthidwe. Ngati uthenga wotere umaonjezera ndalama mu akaunti ya wogula, kapena kulamula kuti katundu atuluke, wakubayo akolola kangapo pa malipiro amodzi. HMAC siinaname. Inafunsidwa ngati uthenga uli woona, siinafunsidwe ngati uli watsopano.

Mankhwala ake ndi kuika nthawi m'kati mwa zimene zikudindidwa. Kampani yolandirira malipiro ya Stripe imachita chomwechi: imatumiza nthawi imene uthenga wanyamuka, imalumikiza nthawiyo ndi uthenga, n'kudinda zonse pamodzi ndi HMAC ya SHA-256, ndipo mapulogalamu ake ofufuzira amakana uthenga umene wapitirira mphindi 5 pokhapokha mwini atasintha malirewo. Wakuba sangasunthe nthawiyo popanda kuononga chidindo. Komabe mphindi 5 ndi nthawi yokwanira kutumiza uthenga umodzi kambirimbiri, choncho sitolo iyeneranso kulemba nambala ya malipiro aliwonse amene yagwirapo ntchito, kuti ikaionanso isachitepo kanthu kachiwiri. Kulembaku kumathandiza ngakhale popanda wakuba, chifukwa makampani amatumizanso uthenga okha akaona kuti woyamba sunayankhidwe, monga netiweki ikadukaduka.

Palinso kampata kena kakang'ono zedi. Njira wamba imene kompyuta imayerekezera mizere iwiri ndi kuyamba kumayambiriro n'kuima pamene yapeza kusiyana koyamba. Ndiye kuti chidindo cholakwika pa baiti yoyamba chimakanidwa msanga pang'ono kuposa chimene chalondola mabaiti atatu oyamba. Kusiyana kwa nthawiku n'kochepetsetsa, koma munthu wotumiza zoyesa zambirimbiri n'kumayeza nthawi ya yankho angathe kupeza chidindo baiti imodzi imodzi. Mu 2009 katswiri wina, Nate Lawson, anapeza cholakwika chotere mu Keyczar, pulogalamu ya chitetezo imene Google inatulutsa. Kukonza kwake ndi mzere umodzi. M'chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python, m'malo mwa `==` mumalemba `hmac.compare_digest`, imene imayang'ana mabaiti onse mpaka kumapeto ngakhale itapeza kusiyana koyambirira.

Zimene chidindo sichinena

Uthenga wodindidwa ndi HMAC subisika. Aliyense wougwira m'njira angawerenge nambala ya oda ndi kuchuluka kwa ndalama, kungoti sangazisinthe. Kubisa ndi ntchito ina, imene pa intaneti imagwiridwa ndi njira yotseka mauthenga ija imene imachititsa adiresi kuyamba ndi `https`.

Chachikulu kuposa apo n'chakuti kiyi ali kwa anthu awiri. Sitolo ikaona chidindo cholondola imadziwa kuti uthenga wachokera kwa kampani, chifukwa ikudziwa kuti yokha sinaulembe. Koma tiyerekeze kuti awiriwa akangana. Sitolo ikuti kampani inanena kuti K45,000 yalipiridwa, kampani ikukana. Sitolo ikatulutsa uthenga ndi chidindo chake pamaso pa woweruza, kampani ingayankhe mosavuta kuti sitolo nayonso ili ndi kiyi yemweyo, ndipo ikanatha kudzilembera uthengawo n'kuudinda yokha. Masamu sangasiyanitse. Pamene pakufunika umboni wokhutiritsa munthu wachitatu, amagwiritsa ntchito siginecha ya makiyi awiri, monga ya RSA kapena Ed25519, pamene kiyi wosainira amakhala kwa munthu mmodzi yekha ndipo ena onse amangokhala ndi wofufuzira. HMAC ndi yachangu komanso yosavuta, n'chifukwa chake ili ponseponse, ngakhale m'timanambala 6 tija timene mapulogalamu otsimikizira munthu pa foni amasintha masekondi 30 aliwonse. Koma ndi ya anthu awiri okhulupirirana amene akudziteteza kwa wachitatu.

N'chifukwa chake mphamvu yonse imatsamira pa kiyi. Kiyi wa chitsanzo chathu, wa zilembo zitatu, ndi woyesera chabe. Wakuba amene wagwira uthenga umodzi ndi chidindo chake angakhale pa kompyuta yake, osagogoda pa khomo la wina aliyense, n'kumayesa makiyi mamiliyoni pa sekondi mpaka atapeza amene akutulutsa chidindo chomwecho. Dzina la sitolo, chaka chobadwa kapena mawu a m'dikishonale sachedwa kugwidwa. Kiyi woyenera ndi mabaiti 32 osankhidwa mwachisawawa ndi kompyuta, monga amene lamulo la `openssl rand -hex 32` limatulutsa. Asalembedwe m'kati mwa pulogalamu imene ena angaione, asatumizidwe pa gulu la macheza la antchito, ndipo kampani iliyonse imene sitolo ikuchita nayo malonda ikhale ndi wake wake, kuti mmodzi akaululika ena atsale.

Mwini sitolo safunika kudziwa masamu kuti azindikire pamene zinthu zapotoka, bola pulogalamu yake izilemba uthenga uliwonse umene wakanidwa. Ngati mauthenga onse akukanidwa, kawirikawiri vuto lili m'nyumba momwemo: kiyi wakopedwa molakwika, kiyi woyesera wasokonezedwa ndi weniweni, pulogalamu ikusintha mabaiti isanafufuze, kapena wotchi ya kompyuta yasokonekera. Ngati ambiri akudutsa koma ena ochepa, ochokera ku adiresi zachilendo, akukanidwa, wina akuyesa khomo ndipo chidindo chikugwira ntchito yake. Choopsa kwambiri ndi pamene palibe chokanidwa, zidindo zonse n'zolondola, koma ndalama zimene mauthenga akunena sizikugwirizana ndi zimene zalowadi ku akaunti. Pamenepo muone kaye ngati nambala ya malipiro amodzi siikubwera kangapo. Ngati nambala zonse n'zatsopano, ndipo kampani ikuti sikuzidziwa, ndiye kuti kiyi ali m'manja mwa munthu wachitatu.

Zikatero kiyi asinthidwe tsiku lomwelo, ndipo wakale aleke kuvomerezedwa pompopompo. Kusintha kwa masiku onse, kongodziteteza, kumalola makiyi awiri kugwira ntchito limodzi kwa kanthawi kuti mauthenga amene ali m'njira asatayike, koma kiyi woululika sapatsidwa mwayi umenewo. Ikatha ntchito imeneyi, oda iliyonse imene inavomerezedwa kuyambira pamene kiyi akuganiziridwa kuti anatuluka iyenera kufananizidwa ndi kaundula wa kampani, imodzi imodzi, katundu amene sanatumizidwe asanatuluke m'sitolo.